Kodi Geni Imeneyi Ibweza? Kuwerengera Ndalama za Mawa pa Mtengo wa Lero

  

Lero tikambirana funso limodzi. Mwapeza mpamba. Mwina ndi penshoni, mwina mwagawana ku banki mkhonde, mwina mwana wanu ali ku Joni wakutumizirani. Mukufuna kuyamba geni. Kodi mungadziwe bwanji, ndalama isanachoke m'manja, kuti geniyo ndi yoyenera kuiyamba?

Ambirife timawerengera motere. Ndilowetsa zakuti. M'zaka zitatu ndidzatolera zakuti. Zotolera zaposa zolowetsa, basi ndapindula. Masamu amenewa ali ndi bowo, ndipo bowolo ndi nthawi. Ndalama mukulowetsa lero. Zotolerazo zibwera chaka chamawa, chaka chinacho, ndi chinanso. Kwacha ya lero ndi kwacha ya zaka zitatu zikubwerazi si zofanana. Ndibwereze. Kwacha ya lero ndi kwacha ya mtsogolo si zofanana, ndipo kuziphatikiza ngati zofanana ndiye kudzinamiza.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Akatswiri a zachuma adaitenga mfundo yomweyi n'kuiika m'masamu. Mmodzi mwa iwo ndi Irving Fisher wa ku America, yemwe adalemba mabuku ofotokoza za chiwongoladzanja mu 1907 ndi mu 1930. Njira yake amaitchula mwachidule kuti En-Pi-Vi. Ife tiitchula kuti phindu lenileni pa mtengo wa lero. Mabanki amaigwiritsa ntchito, makampani akuluakulu nawonso, ngakhale boma likamaganiza zomanga msewu kapena damu. Koma si njira ya m'maofesi mokha. Imatheka ndi kope la mwana wasukulu ndi kakyuleta ya pa foni.

Tiyambe ndi chifukwa chake ndalama ya mtsogolo imachepa mphamvu.

Choyamba, ndalama ili m'manja imatha kugwira ntchito. Mukhoza kuibwereketsa, kuisunga kubanki pa chiwongoladzanja, kapena kuodera katundu. Mukaimanga mu geni ina, mwataya zonse zomwe ikadabala kwinako. Chachiwiri, mitengo ya zinthu imakwera. Izi sizikufunika mphunzitsi. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adagulitsa katundu pa ngongole mwezi wa Okutobala chaka chimenecho n'kulipidwa mu Januwale amakumbukira bwino. Ndalama adalandira yonse, koma atafika ku Limbe kukaoda sidakwanenso katundu yemwe uja. Chachitatu, za mawa sizidziwika. Wokulonjezani akhoza osabwera.

Tsono tichite bwanji? Timasankha mulingo. Mulingowo ndi chiwongoladzanja chomwe ndalama yanu iyenera kubala pachaka kuti inu musakhale kuti mwaluza. Tiyerekeze kuti mulingo wanu ndi 25 peresenti. Nambala imeneyi sindinaitole pamsewu. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo munthu wamba wokatenga ngongole kubanki amalipira zoposa pamenepo. Ndasankha 25 chifukwa ili pafupi, komanso masamu ake ndi osavuta.

Mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mukaika K80 pa 25 peresenti, pakutha pa chaka imakhala K100. Ndiye kuti K100 yomwe mudzalandire chaka chamawa ndi yofanana ndi K80 ya lero. Nanga K100 yobwera pakatha zaka ziwiri? Mubwezenso kachiwiri, ikhala K64. Ya zaka zitatu ikhala K51. Chaka chilichonse chomwe mukudikira, mukuchotsa gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa kakyuleta, mumangogawa ndi 1.25, kamodzi pa chaka chilichonse. K100 ikhala K80, kenako K64, kenako K51. Gwirani manambala atatu amenewa.

Tsopano tiyeni tipite pa siteji ya kabaza.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Ndirande, wopuma pantchito, akufuna kugula njinga yamoto. Iye sakwera. Apatsa mnyamata kuti azinyamula anthu pakati pa msika, Chinseu ndi Goliyo, n'kumabweretsa tageti madzulo. Manambala omwe nditchule ndi ongoyerekeza, inu mudzaike anu. Njinga, pamodzi ndi kuilembetsa, inshuwalansi ndi zipewa, yadya K3 miliyoni. Tageti ndi K8,000 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Tikachotsa masabata awiri opuma, pachaka zikwana K2.4 miliyoni.

Koma ndalama imeneyo si yonse yawo. Pali oilo. Pali matayala, tcheni ndi mabuleki. Pali makaniko. Pali inshuwalansi ya chaka chinacho. Tinene kuti zonsezi zidya K900,000 pachaka. Yotsala m'thumba ndi K1.5 miliyoni. Yotsalayo ndi imene timawerengera. Osati tageti, koma yotsala.

Njinga ya kabaza yoyenda m'misewu ya miyala ya m'makwalala athu siikhalitsa. Tiipatse zaka zitatu. Pamapeto pake bamboyo adzaigulitsa yotopa pa K500,000.

Tiwerengere kaye mwachizolowezi. K1.5 miliyoni katatu, kuphatikiza K500,000 yogulitsira, ndi K5 miliyoni. Adalowetsa K3 miliyoni. Phindu K2 miliyoni. Bamboyo akumwetulira. Anzake pa bawo akumuuza kuti agule ziwiri.

Tsopano tibweze ndalama zonsezi ku mtengo wa lero. Chaka choyamba, K1.5 miliyoni ikhala K1.2 miliyoni. Chaka chachiwiri, K1.5 miliyoni yomweyo ikhala K960,000. Chaka chachitatu alandira K2 miliyoni, poti muli ndi yogulitsira njinga, koma pa mtengo wa lero yangoposa K1 miliyoni pang'ono. Tikaphatikiza zitatuzi tipeza pafupifupi K3.18 miliyoni. Tichotse K3 miliyoni yomwe walowetsa lero. Yatsala pafupifupi K180,000.

Mwamva kusiyanako? Masamu achizolowezi ati K2 miliyoni. Masamu owerengera nthawi ati K180,000.

Kodi ndiye kuti geniyi ndi yoipa? Ayi. Lamulo lake ndi ili. Yankho likaposa ziro, geni ikubweza mpamba wanu, ikubweza 25 peresenti ija, ndipo ikuwonjezera kena pamwamba. Yambani. Yankho likakhala pansi pa ziro, ndalama yanu ingachite bwino kwina. Isiyeni. Pano anthu ambiri amasokonezeka. K180,000 si phindu lonse la zaka zitatu. Ndi nyenyeswa yotsala pamwamba pa zomwe ndalamayo ikadabala mukadaiika kwina. Ngakhale yankho litakhala ziro ndendende, simunaluze. Mwangofanana ndi njira ina ija, kungoti mwavutika ndi makaniko pachabe.

Choncho njinga yakhoza mayeso. Koma yakhoza mopulumukira pakamwa pa mkango. Ndipo geni yokhoza motere imafunika kuigwedeza kaye, tione ngati iima.

Tiigwedeze. Kodi njingayo idzayendadi masiku onse? Mnyamata adzadwala. Kudzagwa maliro. Mvula ikalimba, makasitomala amachepa. Mafuta akasowa, monga tidaonera mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta m'zaka zapitazi, njinga imaswera pamzere osati pa siteji. Mapepala akapanda kukwana, imagona kupolisi. Tiwerenge kuti masabata awiri okha pachaka atayika mwa njira imeneyi, kuwonjezera pa omwe tidawachotsa kale. Masabata awiri okha. K180,000 ija yatheratu, yankho lafika pa ziro. Akatayika masabata asanu pachaka, yankho litsika kufika pafupifupi K300,000 pansi pa ziro. Ndipo sindinatchule za akuba, omwe anyamata a kabaza amawadziwa bwino usiku. Njinga ikabedwa chaka choyamba chitangotha, bamboyo watolera K1.2 miliyoni yokha ya mtengo wa lero pa K3 miliyoni yake.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ubwino wa masamuwa ndi woti amakuonetsani pomwe pali nyerere musanalume. Kwa bambo uyu nkhani yonse yagona pa masiku omwe njinga ili pamsewu. Ndiye mphamvu zake aike pamenepo. Asankhe wokwera wokhulupirika, wokhala ndi laisensi. Mapepala akhale okwana. Agwirizane nthawi yoweruka. Ine ndikadakhala iye, sindikadagula yachiwiri chaka choyamba chisanathe.

Tsopano tikhote pang'ono. Tikambe za mulingo uja, chifukwa munthu aliyense ali ndi wake.

Njinga yomweyo, tageti yomweyo, koma tisinthe mulingo kuchoka pa 25 kufika pa 30 peresenti. Yankho likugwera pansi pa ziro, ndi pafupifupi K50,000. Njinga sinasinthe. Chasintha ndi mtengo wa ndalama. N'chifukwa chake geni imodzi ikhoza kukhala yabwino kwa mnansi wanu, kwa inu n'kukhala yoipa.

Kodi mulingo wanu muupeza bwanji? Dzifunseni komwe ndalamayo ikuchokera. Ngati ndi ngongole, mulingo sungatsike kuposa chiwongoladzanja cha ngongoleyo, kuphatikizapo tindalama tonse tomwe amadula poyamba. Ngati ndi yanu, dzifunseni chomwe ikadachita. Mayi wa ku Bangwe amene amaoda kaunjika, mpamba wake n'kumazungulira mwezi uliwonse ndi phindu looneka, ali ndi mulingo wokwera. Kuti achotse ndalama pa kaunjika n'kugula njinga, njingayo iyenera kuposa kaunjikayo. Koma samalani. Muwerengere kaunjika ngati benchi lanu lingamezedi ndalama yowonjezerayo. Ngati makasitomala anu amathera pa belo imodzi, belo yachitatu ingokhala m'nyumba. Kenako, geni ikakhala yangozi, onjezerani mulingo pang'ono.

Ndiime pa banki mkhonde. Magulu amenewa athandiza mabanja ambiri m'matauni athu. Koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, osati pachaka. Magulu ambiri amaika 20 peresenti pamwezi. Ngongole yotere mukaisiya osabweza, imawirikiza kawiri m'miyezi inayi yokha. Tsono yerekezani ndi njinga ija. Pa K100 iliyonse yomwe mwalowetsa, njinga ikubweza pafupifupi K4 pamwezi. Ngongole ikufuna K20 pamwezi. Simukufunika kakyuleta. Ndalama ya banki mkhonde ndi ya geni yozungulira msanga, monga tomato, mandazi ndi usipa. Si ya njinga, si ya chigayo, si ya nyumba. Za katapila ndiye tisayambe n'komwe.

Mwachidule, tikukambirana njira yoyezera geni musanaiyambe. Ndalama zonse za mtsogolo mumazibweza ku mtengo wa lero, n'kuchotsa mpamba. Zikatsala, yambani. Zikaperewera, isiyeni.

Tipite ku Machinjiri, komwe anthu akumanga tsiku ndi tsiku. Pano pali msampha womwe umagwira ngakhale ophunzira.

Wina akuti, ndamva masamu anuwo, ndiye kuti nyumba za lendi n'zopanda phindu. Pa 25 peresenti, K100 yobwera pakatha zaka khumi ndi K11 yokha lero. Lendi ya zaka zakutalizo ndiye yasanduka mphepo. Nanga bwanji alandilodi sakusauka?

Funso labwino. Yankho ndi loti lendi siima malo amodzi. Mitengo ikakwera, alandilodi amakwezanso. Mu 25 peresenti ija muli kale kukwera kwa mitengo. Ndiye mukagwiritsa ntchito mulingo umenewo, muyeneranso kulemba lendi yomwe ikukwera chaka ndi chaka. Kulemba lendi ya lero kwa zaka khumi, n'kuidula ndi 25 peresenti, ndiye kuilanga nyumbayo kawiri. Pa njinga paja ndidasiya K1.5 miliyoni osasintha mwadala, chifukwa tageti ikakwera, njinga imakhalanso ikukalamba, ndipo zokwerazo zimathera kwa makaniko. Nyumba si choncho.

Pali njira yachidule. Lembani zonse pa mitengo ya lero, lendi ndi zokonzetsera zomwe, osakweza chilichonse. Kenako gwiritsani ntchito mulingo wotsika, wochotsamo kukwera kwa mitengo. Tinene 10 peresenti. Chofunika n'chakuti musasakanize. Mitengo yokwera iyende ndi mulingo wokwera. Mitengo ya lero iyende ndi mulingo wotsika.

Tiyese. Mayi wina wamanga mdadada wa zipinda za lendi. Puloti ndi kumanga zadya K10 miliyoni. Atachotsa zokonzetsera, msonkho wa kukhonsolo ndi miyezi yomwe chipinda chimakhala chopanda munthu, akutsala ndi K1.2 miliyoni pachaka. Nyumba yosamalidwa imakhala zaka zambiri. Ndiye tifunse kuti, ndi ndalama zingati zomwe zingabale K1.2 miliyoni chaka chilichonse pa 10 peresenti? Ndi K12 miliyoni. Umenewo ndiye mtengo wa lero wa lendi yonse ya mtsogolo. Tichotse K10 miliyoni. Yatsala K2 miliyoni. Nyumba yakhoza.

Koma yendani m'Machinjiri, kapena kumtunda kwa Chilomoni, muwerenge nyumba zomwe zaima opanda denga, udzu utamera m'zipinda. Mayi yemwe uja akalowetsa ndalama zake, koma alendi n'kuchedwa kulowa ndi zaka zitatu chifukwa zitseko, chimbudzi ndi magetsi sizinathe, K12 miliyoni ija imatsika kufika pa K9 miliyoni. Nyumba yomweyo, lendi yomweyo, koma tsopano yalephera ndi K1 miliyoni. Palibe wakuba adabwera. Yadya ndi nthawi. N'chifukwa chake amene amamaliza zipinda ziwiri, n'kulowetsa alendi, n'kumangira zinazo ndalama ya lendi, nthawi zambiri amaposa amene amayala maziko a zipinda khumi nthawi imodzi.

Nanga inu amene nyumba yanu yaima kale pa lintala, mutani? Apa masamuwa ali ndi lamulo lomwe limawawa koma ndi loona. Ndalama zomwe zidalowa kale siziwerengedwanso. Madzi akatayika saoleka. Funso ndi la kutsogolo kokha. Pakufunika zingati kuti ndimalize, ndipo ndikamaliza ndidzatolera zingati? Ngati patsala K3 miliyoni kuti lendi ya mtengo wa K12 miliyoni iyambe kubwera, malizani msanga, ngakhale zitatanthauza kugulitsa china. Yerekezaninso ndi ndalama yomwe mungapeze mutaigulitsa momwe ililimo. Lamulo lomweli limagwiranso mbali inayo. Ngati saluni kapena shopu ikudya ndalama mwezi ndi mwezi, mawu oti ndidalowetsamo zambiri si chifukwa chopitirizira.

Pali zinthu ziwiri zomwe timakonda kuiwala polemba zotuluka. Choyamba ndi thukuta lanu. Ngati njinga mukwera nokha, mudzipatse malipiro pa pepala, chifukwa mukadatha kugwira ntchito ina. Geni yomwe imaoneka yopindula chifukwa choti mwini wake akugwira ulere, si geni, ndi ganyu. Chachiwiri ndi katundu wanu yemwe. Chipinda chakutsogolo chomwe mwasandutsa okala chikadatha kukhala ndi mlendi. Lendi imeneyo ilembeni ngati yotuluka.

Amene mumagwiritsa ntchito kompyuta, mu Excel muli kale chida chotchedwa NPV. Chenjezo limodzi. Chidachi chimatenga nambala yoyamba ngati ndalama yobwera pakatha chaka. Ndiye mpamba wa lero musauike mkati. Werengerani zobwera zokha, mpamba muchotse panokha pamapeto.

Tsopano, kodi njirayi ili ndi malire? Ali apo, ndipo si ang'ono. Masamu amadya zomwe mwawapatsa. Mukalemba tageti ya m'maloto, yankho lidzakhalanso la m'maloto. Manambala kawatengeni kwa anthu omwe ali kale mu geniyo, makamaka amene adaisiya, chifukwa iwo sabisa. Komanso pali zina zomwe palibe adazilemba pa pepala lake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo magetsi adavuta kwa nthawi yoposa chaka. Eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi a ku Zingwangwa ndi ku Ndirande ankakhala manja lende masana onse, ngongole ikuwerengabe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Womanga nyumba ya lendi pamalo otsetsereka kapena m'mbali mwa mtsinje sangawerengere zaka zambiri ngati womanga pamalo okhazikika.

Malire ena ndi awa. Yankho likhoza kuposa ziro, inu n'kugwabe panjira. Masamuwa amaona zaka zonse pamodzi, pomwe wokongoza amafuna yake pa tsiku lomwe mudagwirizana. Injini ikafa mwezi wachinayi, inu mulibe yokonzetsera, phindu la chaka chachitatu silikuthandizani. Choncho pambali pa pepala la zaka, lembaninso la miyezi, makamaka miyezi khumi ndi iwiri yoyambirira. Onani mwezi womwe thumba lidzaume kwambiri. Kwa ambiri ndi Januwale ndi Febuluwale, fizi itadya ndalama, ufa utakwera mtengo, makasitomala akuyenda wapansi m'malo mokwera kabaza. Ndalama yodutsira miyezi imeneyo muiike pambali, ndipo muiwerengere pamodzi ndi mpamba kuyambira tsiku loyamba. Kwa bambo wa njinga uja, ndiye kuti geniyo sikufuna K3 miliyoni yokha.